Ng'oma Imodzi, Miyendo Yosiyana

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wa kumudzi amabadwa akudziwa kale kuvina, ndi kuti mphunzitsi wa magule alibe ntchito ina koma kuyitana woyimba ng'oma, iye n'kukhala pamthunzi. Ganizo limeneli limatha msanga tsiku limene munthu ayima pabwalo la sukulu ndi ana 60 patsogolo pake. Pakuti pamenepo aona kuti ena avina ngati anabadwira pabwalo, ena miyendo yawo itsalira m'mbuyo mwa ng'oma, ena agwidwa manyazi nayang'ana pansi, ndipo mwina pali mmodzi wa mwendo wofooka ndi wina amene makutu ake samva bwino. Onsewa ndi ana a kalasi limodzi, ndipo onse ayenera kuphunzira. Ine ndaphunzitsa phunziro limeneli m'boma la Chama, ndipo ndifuna kukufotokozerani, inu amene mwangotsiriza sukulu, mmene ndimaliyalira, chifukwa ena a inu mudzakhala aphunzitsi, ndipo ena mudzapemphedwa kuthandiza pa sukulu ya kwanu.

Chama ndi dziko la Asenga, m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa, kumpoto kwa Lundazi. Ndi dziko la mpunga, ndiponso la Mfumu Yaikulu Kambombo, imene imasonkhanitsa anthu ake pa mwambo wa Kwenje. Chiyambire chaka cha 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, makalasi anadzaza, ndipo ana ena amene anakhala kumudzi zaka zingapo anabwerera. Chotero m'kalasi limodzi la Fomu 1 mungapezeke mwana wa zaka 13 ndi mnyamata wa zaka 18 amene wavina kale pa mabwalo a midzi itatu. Funso langa nthawi zonse ndi ili: kodi ndingatani kuti wodziwayo asatope ndi kudikira, ndi kuti wosadziwayo asathawire kuseri kwa anzake?

Ntchito yoyamba ndiyo kusankha gule, ndipo ndimayesa gule aliyense ndi mafunso atatu. Kodi eni ake alola kuti avinidwe ndi munthu aliyense poyera? Kodi mapondedwe ake angathe kuchepetsedwa gule osafa? Kodi zoyimbira zake tingazipeze popanda ndalama? Vimbuza, amene Atumbuka ndi anansi awo amdziwa bwino, agwa pa funso loyamba. Iye ndi gule wa machiritso, wovinidwa ndi wodwala pamaso pa sing'anga, ndipo ngakhale bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ulemu umenewo sunamsandutse masewera a ana. Makolo ena aopa kuti mwana angagwidwe ndi mizimu, ena mipingo yawo iletsa, ndipo mphunzitsi alibe mphamvu yonyoza mantha amenewo. Fwemba agwa pa funso lachiwiri, pakuti kukoma kwake kuli m'kudumpha ndi kugudubuka, ndipo pa nthaka youma ya chilimwe mwana wosazolowera angathyoke dzanja. Mukachotsa zodumphazo, chotsalacho si fwemba ayi.

Mganda ndiye apambana pa mafunso onse atatu. Gule ameneyu anatengera perete wa asilikali, ndipo anafala m'maiko athu ano itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Abale ake ndiwo beni, malipenga a kunyanja, ndi kalela wa ku migodi. Alibe chinsinsi, avinidwa masana, ndipo ovina ayima m'mizere monga asilikali. Ng'oma yake yaikulu ya nkhope ziwiri igunda momveka ndi mosabisa, kotero kuti khutu losazolowera lithe kuitsata. Chiyambire chake mganda ndi gule wa amuna. Chifukwa cha ichi, ndisanayike asungwana m'mizere ndimayamba ndakambirana ndi akulu a gulu la mganda la pafupi ndi sukulu, ndi kuwauza kuti cholinga chathu ndi kuphunzira, osati kupikisana nawo. Munthu amene wafunsidwa mwaulemu amabwera kudzathandiza. Amene wangomva ng'oma yake ikulira kusukulu osauzidwa amakwiya.

Gule atasankhidwa, sindiyamba ndi mapondedwe ake ayi. Ndiyamba ndi chinthu chimene ndimachitcha mtima wa ng'oma, ndiko kugunda kuja kofanana kumene sikufulumira kapena kuchedwa, kumene nyimbo, manja ndi mapazi zonse zitsamirapo. Mlungu woyamba wonse ndi wofufuza amene aumva mtima umenewu. Ndimayesa ana 10 pa nthawi imodzi, enawo atakhala pansi, ndipo mayeso ake ndi atatu. Poyamba aponda pamalo amodzi, lamanzere ndi lamanja, ng'oma ikugunda ka 16. Kachiwiri aomba m'manja pa kugunda koyamba kokha mwa kugunda kunayi kulikonse. Kachitatu, ndipo awa ndiwo mayeso enieni, woyimba aleka ng'oma mwadzidzidzi, ana napitiriza kuponda ka 8 muli zii, ndipo ng'oma ibwerera. Amene phazi lake likumana ndi ng'oma pobwerera, ameneyo mtima wa ng'oma uli m'thupi mwake. Amene asemphana nayo anali kungotsata anzake ndi maso.

Pakati pa olephera pali mitundu iwiri, ndipo mphunzitsi amene sailekanitsa apereka mankhwala a mutu kwa wodwala mwendo. Njira yoilekanitsira ndi yapafupi. Khazikani mwanayo pansi, nimumuuze kuti aombe m'manja pamodzi ndi ng'oma. Ngati manja ake agwirizana nayo, khutu lake lili bwino, vuto lili m'miyendo: achedwa kusamutsa thupi kuchoka pa phazi lina kunka pa linzake. Ameneyu afunika ng'oma yodekha ndi mapazi aafupi. Koma ngati manjanso asemphana ndi ng'oma, ndiye kuti khutu lake silinapeze kugunda kwenikweni pakati pa maliwu ambiri. Ameneyu muchotsereni nyimbo ndi ng'oma yaing'ono, mutsale ndi yaikulu yokha, ndipo mnzake womva bwino amgwire dzanja, ayende naye mpaka thupi lake litalandira chimene khutu linakana.

Tsono tiyeni titenge kalasi la ana 60, monga makalasi amene ndazolowera, ndipo tinene kuti mayeso aja atipatsa ana 15 amene apambana onse atatu, ana 35 amene agwa pa mayeso a zii okha, ndi ana 10 amene avutika kuyambira pa oyamba. Nzeru yoyamba imene ifika m'mutu ndiyo kuwagawa patatu, aliyense ndi ng'oma yake. Nzeru imeneyi ndi yoipa, chifukwa mphunzitsi ndi mmodzi, ng'oma yabwino kawirikawiri ndi imodzi, ndipo ana 10 aja akayikidwa paokha sadzakhala ndi womuonera. Ine ndimawagawa m'magulu 5 a ana 12, ndipo gulu lililonse lilandira odziwa 3, apakati 7, ndi ovutika 2. Pa phunziro lililonse gulu limodzi likhala la zoyimbira, magulu anayi otsalawo navina. Popeza milungu yotsala ndi 5 ndipo magulu ndi 5, mwana aliyense agwira zoyimbira kamodzi, ndipo palibe amene akhala pa ng'oma masiku onse.

Chinsinsi cha ntchito yonseyi chili m'mapondedwe. Ndimatenga chigawo chimodzi cha kugunda 8, ndi kuchikonza m'makwerero atatu amene onse ayambira pa phazi lamanzere ndi kuthera pa kugunda kwa 8. Makwerero amenewa ndi anga okonzera sukulu. Mapondedwe enieni a mganda ndi ambiri, ndipo gulu lililonse lili ndi akeake. Pa khwerero loyamba mwana aponda pamalo amodzi, lamanzere, lamanja, mawondo atapindika pang'ono ndi msana utaweramira kutsogolo. Pa lachiwiri ayenda kutsogolo katatu, lamanzere, lamanja, lamanzere, ndipo pa 4 angokhudza pansi ndi chala cha phazi lamanja. Abwerera m'mbuyo katatu kuyambira ndi lamanja lomwelo, ndipo pa 8 akhudza pansi ndi lamanzere. Pa lachitatu achita zomwezo, koma pobwerera azungulira thupi lonse kamodzi, akukupiza kansalu koyera kali m'dzanja lake. Onse atatuwa avinidwa pa ng'oma imodzi ndi nyimbo imodzi, nthawi imodzi.

Pa khwerero lachiwiri pali msampha umene ugwira ana ambiri, ndipo uli pa kugunda kwa 4. Mwana, m'malo mongokhudza pansi, aponda ndi kutsamiritsa thupi lake lonse pa phazi lamanja. Pa 5 phazi limenelo lifunika kunyamuka, koma lasenza katundu. Chotero anyamula lamanzere, ndipo kuyambira pamenepo asemphana ndi mzere wonse. Mudzamzindikira chifukwa mapewa ake apendekera kumanzere pamene a anzake apendekera kumanja. Kumkalipira sikuthandiza, pakuti iye sadziwa pamene wasochera. Ine ndimamuuza kuti pa 4 pansi pali khala la moto: likhudze, koma usaliponde. Mawu amenewa amachiza ambiri tsiku lomwelo.

Kayimidwe ka m'mizere kafunanso nzeru. Ovina athu ndi 48, ndipo mwa iwo odziwa ndi 12, apakati 28, ovutika 8. Ndimayala mizere 6 ya ana 8, yochokera kutsogolo kunka kumbuyo, ndipo mzere uliwonse uvina khwerero limodzi, kuti woyenda kutsogolo asagunde woponda pamalo. Odziwa 8 atenga mzere wa m'mphepete navina khwerero lachitatu. Odziwa anayi otsalawo atsogolera mizere inayi ya apakati. Ovutika 8 aja sindiwayika kumbuyo, kumene mwambo wa masukulu umabisa ana otere, koma pakati penipeni, moyang'anana ndi ng'oma yaikulu, ndipo mtsogoleri wawo ndine mwini. Pakati pa mwana ndi mnzake pakhale mpata wa mita imodzi ndi theka. Bwalo la mamita 10 m'mimba ndi 15 m'litali likwanira. Mizereyi sindiitchula ndi manambala. Ana aipatsa okha mayina a mitsinje kapena a mapiri a kwawo, ndipo mwana akaona kuti wakhwima apempha yekha kusamukira ku mzere wina. Mlendo woonerera sadziwa kuti pali mzere wa ovutika. Iye aona mzere wapakati uli chilili ngati mzati wa nyumba, ina ikuyenda m'mbali mwake.

Liwiro la ng'oma ndi chinthu chimene chiwononga maphunziro ambiri mwakachetechete. Perete wa asilikali amayenda mapazi pafupifupi 120 pa mphindi imodzi, ndipo ongoyamba sangathe kusintha mapazi pa liwiro lotere. Ine ndimayambira pa 100. Kuliyesa n'kosavuta: mwana mmodzi wa gulu la zoyimbira agwira wotchi, nawerenga kugunda kwa ng'oma pa masekondi 15. Akapeza 25, tili pa 100. Akapeza 30, tafika pa 120. Mwana woyimba ng'oma akakondwa amafulumira osadziwa, ndipo zizindikiro zake ndi ziwiri: oyimba nyimbo ayamba kudula mawu chifukwa mpweya wawathera, ndipo mapazi atatu aja opita kutsogolo asanduka kukhwekhwereza. Mankhwala ake ndiwo kumuyimiritsa woyimbayo kuti nayenso aziponda pamalo pamene akuomba, chifukwa dzanja silithawa phazi la mwini wake.

Zoyimbira zathu n'zosafuna ndalama. Ng'oma yaikulu timabwereka, ndipo m'mawa wozizira timaiwamba pa dzuwa kapena pa moto wa udzu kuti chikopa chikungike. Ikasowa, chigubu cha malita 20 chopanda madzi chigwira ntchito yake. Badza, lipenga lija la mphonda limene woyimba ang'ung'uziramo nyimbo, ana apanga okha: aboola kabowo koyimbirapo m'mbali, ndipo pansonga amatapo kansalu koyera ka kangaude, kapena kapulasitiki kopyapyala kwambiri. Badza likangotulutsa mphepo osanjenjemera mawu, ndiye kuti kansaluko kakungika kwambiri kapena kang'ambika.

Nanga mwana wa mwendo wofooka? Anthu achifundo amampatsa ng'oma kuyambira tsiku loyamba mpaka lotsiriza, nayesa kuti amchitira zabwino, koma kunena zoona amtulutsa m'gule mwaulemu. Iye agwire zoyimbira mlungu wa gulu lake wokha, monga anzake. Milungu inayo akhale m'mzere wapakati, choyimirira ndi ndodo yake kapena pampando, navine ndi mapewa, chifuwa ndi kansalu: phewa lamanzere pamene anzake aponda lamanzere, lamanja pamene aponda lamanja. Mtima wa ng'oma sukhala m'mapazi mokha. Mwana wosamva bwino ndimayamba ndamgwiritsa thupi la ng'oma ndi chikhatho kuti amve kunjenjemera kwake, ndipo pambuyo pake ayima pamene angaone ndodo ya woyimba, mtsogoleri akugwetsa kansalu pa kugunda koyamba kulikonse. Za ana amene mipingo yawo ikayikira magule, ndimalankhula ndi makolo temu isanayambe, ndi kuwaonetsa nyimbo zimene tidzayimba, pakuti nyimbozo apeka ndi ana eni ake, zonena za mpunga, za njovu zolowa m'minda, ndi za kuoloka Luangwa.

Phunziro lonse litenga milungu 6, ndipo ndimaliyika m'temu yachiwiri, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, chifukwa kutentha kwa m'chigwa mwezi wa Okutobala sikulola mwana kuvina masana. Pa mlungu timakumana kamodzi kwa mphindi 80: mphindi 10 zotenthetsa thupi, 15 za mtima wa ng'oma, 30 za mapondedwe, 15 zovina tonse pamodzi, ndi 10 zopumula tikukambirana. Mlungu woyamba ndi wa mayeso, wachiwiri wa makwerero atatu aja. Wachitatu timayitana mkulu wa mganda wa kumudzi kuti avine, ana aone chimene makwerero athu akulozako, nafotokoze mbiri ya gulu lake.

Mlungu wachinayi ndimaukonda koposa, chifukwa ndi pamene timabwereka nzeru imodzi ya ng'oma za vimbuza popanda kuvina vimbuza. Nzeru yake ndiyo kuyendetsa ziwiri ndi zitatu pa nthawi imodzi. Ana anena mawu awa mobwerezabwereza ndi mofanana: mpu-nga-wa-ku-Cha-ma. Maphatikizo ake ndi 6. Mapazi aponda kawiri, pa "mpu" ndi pa "ku". Manja aomba katatu, pa "mpu", pa "wa" ndi pa "Cha". Mapazi ndi manja akumana pa "mpu" pokha, nasiyana kwina konse. Apanso makwerero ndi atatu: ena aponda chabe, ena aomba chabe, ena achita zonse ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti kuno makwerero amatembenuka. Msungwana amene anavutika ndi mapazi a mganda, koma anakula akuomba m'manja pamodzi ndi amayi ake pa magule a kumudzi, achita zonse ziwiri mosavuta, pamene mnyamata wonyada wa khwerero lachitatu asokonezeka. Tsiku limenelo kalasi liphunzira kuti luso si limodzi.

Pa mlungu wachisanu gulu lililonse lipeka chigawo chakechake cha kugunda 16, ndipo lamulo ndi limodzi lokha: munthu aliyense mwa 12 akhale ndi chochita, ndipo onse athere pamodzi. Mlungu wachisanu ndi chimodzi ndi wa chionetsero ndi mamaliki. Mwa mamaliki 20, ndimapereka 8 pa mayeso atatu aja a mlungu woyamba, obwerezedwa tsopano. 4 pa kuvina khwerero lake mosalakwa. 4 pa zoyimbira. 2 pa chigawo cha gulu. Ndi 2 pa kufotokoza chiyambi cha mganda ndi chifukwa chake sitivina vimbuza pa sukulu. Onani kuti palibe maliki a kukwera khwerero. Wovina loyamba mosaphonya aposa wovina lachitatu mosokoneza. Mukapereka mphotho pa kuzungulira, ana onse adzathamangira kuzungulira asanadziwe kuponda, ndipo akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono ndiyenera kunena malire a njira imeneyi. Maphunziro 6 a mphindi 80 ndi maola 8 okha, ndipo maola 8 sapanga mvini wa mganda. Gulu la kumudzi limakonzekera madzulo ambirimbiri lisanapite kukaonekera kwa anzawo. Kuwerenga kwathu kwa 1 mpaka 8 nakonso si kwa eni gule. Iwo sawerenga, amamvera ng'oma ndi mtsogoleri. Manambala ali ngati mitengo yochirikiza nthochi, ndipo ndimawachotsa pofika mlungu wachisanu, chifukwa mwana amene avina milomo ikuwerenga avina mouma ngati chidole. Chizindikiro chakuti phunziro lagwira ndi chakuti mphunzitsi akhala chete, ng'oma ileka kwa kanthawi, ndipo ikabwerera ipeza mapazi onse, ndi mapewa a mwana wa pampando uja, ali pamalo pake.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ngati tsiku lina mphunzitsi wa kwanu adzakupemphani kuti mumthandize chifukwa mudziwa ng'oma, musadzayambe ndi kuonetsa ana mapondedwe anu opambana. Yambani mwawayesa muli zii, mulekanitse vuto la khutu ndi vuto la mwendo, muyike ovutika pakati, ndipo dzanja lanu lidekhe pa kugunda 25 m'masekondi 15 kufikira womaliza atakupezani.